Momwe Ndinapulumutsira KNO3 Wanga Poyeretsa

Ndinali ndi magalamu 20 a KNO3, mchere wotchedwa potassium nitrate, wosakanikirana ndi mchenga komanso mchere wamba wodya, NaCl, pang'ono. Poyamba ndinamusungunula m'mamililita 40 a madzi otentha, ndinasefa, koma ataziziritsidwa makhiristo anangotuluka magalamu 7 okha. Mtima unandiwawa.

Vuto linali madzi ochuluka. Pa madigiri 20, magalamu 100 a madzi amasungabe magalamu pafupifupi 32 a KNO3, ndiye mamililita 40 aja anatsekera magalamu oposa 12 osatuluka.

Mwamwayi madzi osefedwawo sindinataye. Ndinabwezeramo makhiristo aja, n'kuwiritsa mpaka kutsala mamililita 15, kenako ndinasiya kuti azizire okha pang'onopang'ono ndisanaike bika m'madzi oundana. Timakhiristo tataliatali ngati singano tinadzaza pansi. NaCl anatsalira m'madzi, popeza kusungunuka kwake sikusintha kwenikweni ndi kutentha.

Ndinatsuka ndi timadontho ta madzi ozizira kwambiri, ndinaumitsa mpaka sikelo itasiya kutsika. Apa musathamange, makhiristo onyowa amanamiza kulemera. Ndinapeza magalamu 15.2:

15.2 ÷ 20 × 100 = 76%

Mu 24% yosowayo muli mchenga, NaCl, ndi KNO3 wotsalira m'madzi.