Kusaka chikalata pa Google osamaliza bandulo: site: ndi filetype:

Alembi a makalabu a alimi kuno ku Lilongwe, a ku Mitundu ngakhale a ku Nathenje, amadandaula zofanana. Munthu walemba pa foni kuti fall armyworm, akufuna malangizo okhudza mbozi za ntchemberezandonda zimene zakhala zikuwononga chimanga chathu kuyambira nyengo ya 2016/2017, koma zimene zabwera ndi nkhani za m'manyuzipepala, mavidiyo ndi otsatsa mankhwala a kunja. Akamatsegula chimodzichimodzi, bandulo yatha, kanthu sanapeze. Google mungathe kuiuza malo oti isakemo ndi mtundu wa fayilo imene mukufuna, ndipo pamangofunika mawu awiri.

Oyamba ndi site:, amene amaitsekera Google mu webusayiti imodzi. Mawebusayiti ambiri a maunduna athu amathera ndi gov.mw, ndipo a mayunivesite ambiri amathera ndi ac.mw. Choncho m'bokosi losakira lembani:

```
site:gov.mw fall armyworm
```

Apa mwalamula kuti zonse zichokere ku mawebusayiti othera ndi gov.mw basi. Mukafuna za ku yunivesite ya LUANAR ku Bunda zokha, ikani site:luanar.ac.mw m'malo mwake. Musavutike kulemba https kapena www. Ndipotu www ija imachepetsa zotsatira, chifukwa mabungwe ena amasunga zikalata zawo pa adiresi ina yoyamba ndi mawu ena, ndipo mukaika www mwazitsekera kunja.

Samalani ndi madontho awiri aja. Pakati pa madonthowo ndi dzina la webusayiti pasakhale mpata. Mafoni ena amaika okha mpata munthu akangolemba madontho, ndiye Google imawerenga site ngati liwu wamba. Mudzadziwa kuti zatero mukayang'ana adiresi yolembedwa pa chotsatira chilichonse: mukaonapo nyuzipepala kapena sitolo pomwe munalamula gov.mw, bwererani m'bokosi mufufute mpatawo.

Achiwiri ndi filetype:. Malangizo athunthu, oti mungasindikize n'kuwerengera anzanu pa msonkhano wa kalabu, nthawi zambiri amakhala mu PDF. Onjezerani chonchi:

```
site:gov.mw fall armyworm filetype:pdf
```

Amene akufuna tebulo la manambala aike filetype:xlsx, ndipo wofuna fomu yoti alembemo aike filetype:docx.

Chimene ndimalimbikira kwambiri n'chakuti muzionjezera chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Yambani ndi site: ndi mawu awiri okha, muone zimene zabwera, kenaka muike filetype:. Ambiri amaunjika zonse kamodzi, webusayiti, mtundu wa fayilo, chaka, dzina la boma ndi dzina la mankhwala. Google ikayankha kuti palibe, sadziwa chimene chatseka njira. Mukamapita pang'onopang'ono mumaona pomwe zotsatira zathera. Tinene kuti zinalipo, koma mutaika filetype:pdf zasowa. Ndiye kuti nkhaniyo inalembedwa pa tsamba penipeni osati mu PDF, ndipo muchotse filetype. Zikasowa pa site: pomwepo, sinthani webusayiti. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, lalemba zambiri za mboziyi, choncho yesani:

```
site:fao.org "fall armyworm" Malawi filetype:pdf
```

Zizindikiro zimene zazinga mawu awiriwo zikutanthauza kuti apezeke ali pamodzi, motsatana momwemo. Mwaonanso kuti dzina la mboziyi ndalilemba m'Chingerezi. Zikalata zambiri za maofesi zili m'Chingerezi, ndipo liwu loti ntchemberezandonda mukaliphatikiza ndi site: lingakubwezereni zochepa kwambiri. Yesani Chichewa pambuyo, popanda site:, ngati mukufuna kapepala ka alimi.

Google ikati palibe, musafulumire kuuza anzanu kuti unduna sunalembe kanthu. Iyo imaonetsa zokhazo zimene inafikako n'kusunga. Chikalata choikidwa dzulo chingakhale chisanalowe. China chinangojambulidwa pa makina ngati chithunzi, ndipo mawu ake sawerengeka bwino. Zina zimangoyenda pa WhatsApp kapena zamatidwa pa bolodi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ndipo zimenezo site: singazifike. Zikatero, pitani kwa alangizi a m'dera lanu mukafunse.

Mukapeza PDF, isungeni m'foni kuti musaitsitse kawiri, chifukwa ena amakhala aakulu ndithu. Kenaka yang'anani chaka pa chikuto ndi dziko limene analembera. Google siika zatsopano pamwamba nthawi zonse, ndipo FAO imalembera mayiko ambiri. Mankhwala otchulidwa m'chikalata cha dziko lina, kapena cha zaka zapitazo, mwina si amene ali ololedwa kuno panopa. Musanagule kapena kupopera, onetsani alangizi dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake, ndipo muwerenge zolembedwa pa botolo.