Mmene mungalembere kalata yopempha bungwe kuti lilipire makatuni a zaumoyo

Achinyamata ambiri ojambula makatuni akamalemba kalata yopempha thandizo ku bungwe lomwe si la boma, amayamba ndi kufotokoza za iwo eni: anayamba liti kujambula, amagwiritsa ntchito pulogalamu yanji pakompyuta, makatuni awo ndi okongola motani. Wowerenga kalatayo nthawi zambiri ndi mkulu woona za mapulogalamu a zaumoyo kapena za mauthenga, ndipo ndalama zomwe ali nazo anapatsidwa kuti achepetse matenda, osati kuti atukule luso la zojambula. Iye akufuna kudziwa zinthu zitatu: kodi anthu adzasintha chiyani akaonera, adzaonera kuti, ndipo ndani watsimikiza kuti uthengawo ndi wolondola. Kalata yomwe yayankha mafunso amenewa m'ndime ziwiri zoyambirira imawerengedwa mpaka kumapeto.

Titenge chitsanzo cha gulu la ojambula anayi lomwe likufuna kupanga makatuni okhudza kolera.

Poyamba gululi lisankhe khalidwe limodzi lomwe likufuna kusintha. Kolera ili ndi nkhani zambiri: zimbudzi, kusamba m'manja, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, katemera, kasungidwe ka maliro. Mukalemba kuti makatuni anu "adzaphunzitsa anthu za kolera", simunanene kanthu, chifukwa bungwe lililonse la zaumoyo limanena zomwezo. Koma mukalemba kuti mukufuna mayi kapena bambo adziwe kusungunula Thanzi molondola ndi kuyamba kumwetsa wodwala ali pa ulendo wopita kuchipatala, mwapereka chinthu chomwe munthu angathe kuchiyeza. Chimapha munthu pa kolera ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zimenezi zimatha kuchitika m'maola ochepa chabe. Choncho zomwe zimachitika pakhomo ndi panjira, wodwala asanafike kwa dokotala, ndi zomwe katuni ingathandizepo kwenikweni.

Vutolo mulifotokoze ndi manambala owona, ochepa. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022 ku Machinga unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700, zomwe zinali zisanachitikepo m'mbiri ya matendawa m'Malawi muno. Mu Febuluwale 2023 boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe. Ziganizo ziwiri ngati zimenezi zakwanira. Wowerengayo nkhaniyi akuidziwa kuposa inu, mwina anali kumisasa yothandizira odwala nthawi imeneyo, ndiye musamuphunzitse. Mungomusonyeza kuti mwawerenga, kenako mupite ku zomwe mwabweretsa.

Chiyambi cha kalata chingakhale chotere:

"Wolemekezeka Mkulu woona za mauthenga a zaumoyo, tikupempha bungwe lanu kuti lilipire gawo loyamba la makatuni a Chichewa ophunzitsa makolo kusungunula Thanzi ndi kufulumira kuchipatala munthu akayamba kutsegula m'mimba. Tikufuna kupanga magawo 6 a mphindi 3 lililonse, oti aonetsedwe pa sikelo ya ana m'zipatala 10 za m'boma lomwe mukugwiramo kale ntchito, komanso kutumizidwa pa foni kudzera kwa alangizi a zaumoyo, mvula isanayambe."

Onani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Mwaulemu wathu timakonda kuyamba ndi malonje aatali, pempho n'kubwera kumapeto. Pakalata iyi ulemu ndi kusamutayitsa nthawi munthu. Onaninso kuti yatchula boma lomwe bungwelo likugwiramo kale ntchito. Musanalembe, fufuzani pa tsamba lawo ndi m'malipoti awo kuti amagwira kuti ndiponso za chiyani. Bungwe loona za madzi ndi ukhondo ku Nsanje silingalipire makatuni a malungo oonetsa ku Karonga, ngakhale atakongola bwanji. Ngati mukulembera bungwe lomwe limafuna Chingerezi, ndondomeko ndi yomweyi.

Mbali yomwe makalata ambiri amagwerapo ndi ya kaonetsedwe. Ojambula amalemba kuti makatuni "adzaonetsedwa pa kanema ndi pa intaneti", basi. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 12 zokha pa 100 zilizonse zinali ndi kanema, pomwe zokhala ndi wailesi zinali chimodzi mwa zitatu ndipo zokhala ndi foni zinali zoposa theka pang'ono. Ngakhale mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, si onse omwe amaonetsa vidiyo, ndipo bandulo ndi yodula. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi malo othithikana a m'tauni, komwe kolera imavuta kwambiri, ndi komwenso kanema wapakhomo ndi wosowa. Wopereka ndalama akudziwa zimenezi, ndiye mukazilambalala amaona kuti simunaganize mpaka kumudzi.

M'malo mwake lembani njira zenizeni. Gawo lililonse lidzakhala fayilo yaing'ono yotheka kutumizirana pa WhatsApp ndi pa Bluetooth. Lidzaperekedwa kwa eni mavidiyo sho ndi kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika. Alangizi a zaumoyo adzalionetsa pa sikelo amayi akudikira. Ndipo nkhaniyo idzalembedwa moti mawu ake okha azimveka popanda zithunzi, kuti mawailesi a m'madera aulutse ngati sewero. Mfundo yomalizayi ine ndimaiona ngati yamphamvu kuposa zonse, chifukwa ndi ndalama yomweyo bungwe lapeza zinthu ziwiri. Ngati mwalankhula kale ndi wailesi ina kapena ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo, ikani kalata yawo yovomereza. Ngati simunalankhule nawo, musalembe ngati mwagwirizana kale, chifukwa adzawaimbira foni.

Tsopano za kulondola kwa uthenga. Mu katuni, anthu amatsanzira zomwe aona kuposa zomwe amva. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira kolorini, ndipo zotsala zimatayidwa pakatha maola 24. Wojambula akafuna kuti chithunzi chioneke bwino, akhoza kujambula mayi akuthira paketi yonse m'kapu imodzi. Mawu akunena lita, koma maso aona kapu. Mayi woonera akachita zomwezo, madziwo adzakhala ndi mchere wambiri, zomwe zingamuvulaze mwana m'malo momuthandiza. Chithunzi cholondola chionetse mabotolo awiri a theka la lita akutsanulidwa m'chiwiya choyera, kenako paketi yonse, kenako kutakasa. Tchulani chitsanzo chonga chimenechi m'kalata yanu m'ziganizo ziwiri. Wowerenga adzadziwa kuti mukumvetsa kuopsa kwa ntchito yomwe mukupempha.

Nenaninso ndani adzaunike. Mauthenga a zaumoyo opita kwa anthu ambiri amayenera kudutsa ku Unduna wa Zaumoyo, ku nthambi yoona za maphunziro a zaumoyo, ndipo m'boma muli ofesala woona za ntchito yomweyi. Lembani kuti nkhani yolembedwa ndi zithunzi zoyambirira zidzapita kumeneko musanayambe kujambula kwenikweni, ndipo siyani masabata angapo pa ndondomeko yanu a ntchito imeneyi. Kukonza mawu papepala n'kosavuta. Kukonza gawo lomwe lajambulidwa kale ndi kuyambiranso.

Pambuyo pa akatswiri pakubwera eni uthenga. Lumikizani zithunzi zoyambirira zija ndi mawu ojambulidwa pa foni, muonetse timagulu ta amayi ndi abambo a m'dera lomwe mukufuna, padera padera. Musawafunse ngati akonda, chifukwa mwaulemu adzati akonda. Afunseni kuti afotokoze zomwe zachitika m'nkhaniyo, kenako mupatseni mmodzi paketi, madzi ndi ziwiya zosiyanasiyana, asungunule mukuona. Akatenga kapu, vuto lili pa chithunzi chanu. Kuyesa komweku ndi kumene kungakhale muyeso wa ntchito yonse: pa anthu omwe mwawayesa, ndi angati anasungunula molondola asanaonere, ndi angati ataonera. Muyeso umenewu ndi wabwino kuposa kulonjeza kuti kolera idzachepa m'bomalo, chifukwa kuchepa kwa kolera kumadalira mijigo, zimbudzi, katemera ndi mvula, zomwe katuni siingazilamulire.

Za ndalama zilembeni mosabisa, ndipo mufotokoze chifukwa chake makatuni amadula. Ambiri opereka thandizo anazolowera mitengo ya zikwangwani ndi mauthenga a pa wailesi. Aonetseni masamu: mukajambula zithunzi 12 pa sekondi iliyonse, gawo la mphindi 3 likufuna zithunzi 2,160, ndipo magawo 6 akufuna 12,960. Ngati mukugwiritsa ntchito njira yoyendetsa ziwalo za chithunzi chimodzi pakompyuta m'malo mojambula chilichonse pamanja, nenani choncho, ndipo mufotokoze kuti gawo loyamba ndi lodula kuposa enawo chifukwa anthu a m'nkhani, nyumba ndi mudzi zimapangidwa kamodzi n'kumagwiritsidwanso ntchito. M'kalata muike ndalama yonse ndi mtengo wa gawo limodzi. Bajeti yatsatanetsatane ikhale pa tsamba lake. Zomwe ojambula amaiwala kawirikawiri ndi malipiro a olankhula, situdiyo ya mawu, ulendo wokayesa kumudzi, nthawi ya pa wailesi, mafuta a jenereta magetsi akazima, ndi kumasulira m'Chiyawo, Chisena kapena Chitumbuka ngati dera likufuna. Lembaninso kuti mitengoyi ikhala yotero kwa masiku angati. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo bajeti yomwe inalembedwa mwezi wapitawo sinalinso yokwanira.

N'chifukwa chake kalata yachitsanzo ija ikupempha gawo loyamba lokha. Bungwe lomwe silikukudziwani limavomera msanga ndalama yochepa yokhala ndi zotsatira zooneka m'miyezi iwiri kapena itatu. Gawolo likayesedwa n'kupambana, ena asanuwo mumakambirana muli ndi umboni m'manja.

Umwini muutchule pachiyambi pomwe kuti musadzakangane. Njira yomwe imakomera onse ndi yoti bungwe ndi Unduna akhale ndi ufulu woonetsa ndi kugawa magawowo kwaulere, koma anthu a m'nkhani omwe mwawalenga akhalebe anu. Nyimbo zikhale zopeka nokha kapena zomwe mwalipira mwini wake, chifukwa wailesi siingaulutse zomwe zingaibweretsere mlandu ndi COSOMA.

Kalata yonse isapitirire tsamba limodzi ndi theka. Phatikizani bajeti, ndondomeko ya miyezi, satifiketi ya kulembetsa kwa kampani kapena gulu lanu, ndi kachidutswa ka masekondi 30 kosonyeza kajambulidwe kanu, makamaka kachigawo ka kusungunula Thanzi komweko. Tumizani kwa munthu wa udindo womuyenera, osati ku adiresi yolandirira makalata onse. Werengani nthawi chobwerera m'mbuyo: ngati mukufuna kuti anthu aonere mu Okutobala, mvula isanagwe mu Novembala, ndipo kulemba, kuunika, kuyesa ndi kujambula zitenga miyezi inayi kapena isanu, kalata iyenera kufika Epulo asanathe. Pakapita masabata awiri osayankhidwa, imbani foni mupemphe mphindi 20 zoti mukaonetse kachidutswa kaja, ndipo mufunse kuti bajeti yawo ya chaka chotsatira amaikonza mwezi wanji.