Miyezi imene munadwazika matenda: muinene bwanji pofuna ntchito ku Mangalande

Kwathu munthu akabwera kudzazonda matenda timamufotokozera zonse, kuyambira tsiku limene wodwala anayamba kudandaula mutu mpaka mankhwala amene wamwa m'mawa uno. Umenewo ndi ulemu. Koma pa intavyu ya ntchito ku Mangalande, wofunsayo sanabwere kudzazonda. Akufuna adziwe kuti miyezi imene sikuoneka pa CV yanu munali kuti, ndiponso ngati tsopano mungagwire ntchito mokhazikika.

Ngati mukufunsira ntchito yosamalira okalamba kapena odwala, funsoli simungalizembe. Malamulo a 2014 amene CQC, bungwe loona za ntchito zosamalira anthu ku Mangalande, limayang'anira amafuna kuti olemba ntchito asunge mbiri yonse ya ntchito zimene munagwirapo, ndi kufotokoza kolembedwa kwa mpata uliwonse. Choncho akakufunsani musaganize kuti akukukayikirani. Ali ndi fomu yoti adzaze.

Tiyerekeze kuti munasiya ntchito mu Malichi 2022, n'kupita kumudzi kukadwazika amayi. Munagona pansi m'wodi ku Queens, kuphika phala kukhitchini ya odwazika, kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku. Munabwerera mu Januwale 2023. Pa CV, pamalo pamene miyeziyo ikugwera, mzere umodzi ndi wokwanira:

```
Mar 2022 - Jan 2023: Full-time carer for a family member, Malawi
```

Samalani ndi mawu akuti gadiyani. Kwathu aliyense amadziwa kuti ndi wodwazika, koma kuno amamva munthu amene wapatsidwa udindo mwalamulo wolera mwana, ndipo mungayambitse mafunso amene simunawafune.

Pakamwa nenani chimodzimodzi: munachoka liti, munkasamalira m'bale amene ankadwala kwambiri, ndipo nkhaniyo inatha kapena ena anatenga udindowo, moti ndinu wokonzeka kugwira ntchito. Mukatero khalani chete. Apa m'pamene ambiri timagwera. Wofunsa akangoti zii akulemba, ife timaona ngati sanakhutire, ndiye timayamba kutchula dzina la nthendayo, achimwene amene anakana kuthandiza, ngongole ya tiketi ya ndege. Mukadzimva mukunena kuti "ndiye tsiku lina usiku", dziwani kuti mwapitirira. Nthendayo ndi chinsinsi cha amayi anu, ndipo pa ntchito yosamalira anthu akuonanso ngati mumatha kusunga za wodwala.

Ngati anamwalira, mutha kunena m'mawu ochepa kapena osanena. Ine ndimalangiza kuti muyeserere yankholo mokweza kunyumba kangapo, chifukwa misozi imabwera mosayembekezera.

Chimene chimachedwetsa anthu kwenikweni ndi madeti osagwirizana. CV ikunena Malichi, kalata ya abwana akale ikunena Disembala 2021, ndiye pabadwa mpata wina wa miyezi itatu. Musanatumize fomu, onani pepala la malipiro lomaliza kapena P45, pepala la msonkho limene mumapatsidwa posiya ntchito, ndi zidindo za mu pasipoti, mulembe miyezi imene ili pamenepo.