Kalembedwe ka chikalata chopita ku bodi

"Ndingalembe bwanji chikalata choti matrasitii akangoyang'ana aone vuto, njira zolithetsera, mtengo ndi chigamulo chofunika?"

Musanayambe, sonkhanitsani bajeti ya chaka chino, makoteshoni ndi maminitsi a msonkhano wapitawo. Mfundo zikuluzikulu zikwane patsamba limodzi, ndipo zotsalazo muzimate kumbuyo.

1. Pamwamba lembani mutu ndi tsiku la msonkhano, ndipo munene ngati chikalatacho n'chofuna chigamulo kapena n'chongodziwitsa.

2. Lembani chigamulocho m'chiganizo chimodzi, mwachitsanzo: "Bodi ivomereze kugula galimoto ina pamtengo wosapitirira K45 miliyoni." Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amalemba kuti "bodi ikambirane za mayendedwe", ndipo matrasitii amakambirana mpaka nthawi kutha, mlembi n'kusowa cholemba m'maminitsi. Ngati chiganizocho sichingayankhidwe ndi inde kapena ayi, chilembeninso.

3. Fotokozani vutolo m'mizere itatu: galimoto yakale ikungokhalira kugalaja, ndipo maulendo akumidzi akulephereka.

4. Ndandalikani njira zonse m'tebulo: kukonzetsa yakaleyo, kuchita hayala, kugula ina, ngakhalenso kusachita kanthu. Pambali pa njira iliyonse ikani mtengo wake wonse, kuphatikizapo inshuwalansi ndi sevisi ya pachaka, osati wogulira wokha.

5. Tchulani njira imene mukuikonda, chifukwa chake, ndi thumba limene ndalamazo zichokere, poonetsetsa kuti si ndalama zimene opereka thandizo anaziikira ntchito ina.