Maola a Lamlungu musawathire mulu umodzi ndi a ovataimu

Kusankha fodya kwafika pachimake, mashedi akugwira mpaka usiku, ndipo m'mabuku a malipiro amene ndaona m'minda chaka chino vuto ndi limodzimodzi. Kalaliki kapena kapitawo akuwonkhetsa maola onse a sabata, kuchotsapo 48 a ntchito ya masiku onse, otsalawo n'kuwachulukitsa ndi 1.5. Basi, wamaliza, envulopu yamatidwa. Masamu amenewa ndi olakwika, ndipo amene akuluza ndi wantchito amene anasiya tchalitchi kubwera kudzamanga mabelo.

Lamulo la Employment Act la 2000 limagawa ovataimu patatu. Maola opitirira pa tsiku lantchito amalipidwa mosachepera 1.5 wa malipiro a pa ola. Maola a tsiku limene munthuyo amayenera kupuma amalipidwa kawiri. A tsiku la tchuthi cha boma nawo kawiri. Mukawasakaniza, maola oyenera kawiri aja amatsikira pa 1.5 mwakachetechete, ndipo pepala limaonekabe laudongo.

Tiyerekeze mayi wosankha fodya amene amagwira Lolemba mpaka Loweruka, maola 8 pa tsiku, pa K800 pa ola. Pataimushiti pake palembedwa kuti Lachiwiri anagwira maola 10, Lachinayi 10 ndi theka, Loweruka 9, masiku enawo 8, kenaka anaitanidwa Lamlungu n'kugwira maola 6. Onse pamodzi ndi 59 ndi theka. Kalaliki wachangu uja achotsa 48, apeza 11 ndi theka, achulukitsa ndi K1,200, alemba K13,800.

Tsopano tiwapatule. Opitirira a m'kati mwa sabata ndi 2 a Lachiwiri, 2 ndi theka a Lachinayi, ndi 1 la Loweruka. Amenewa ndi 5 ndi theka, pa K1,200 akupereka K6,600. A Lamlungu 6 aja ali pa K1,600, ndiye K9,600. Ovataimu yoona ndi K16,200, ndipo mukaphatikiza ndi K38,400 ya maola 48, mayiyo ayenera kulandira K54,600. Walandidwa K2,400 pa sabata imodzi.

Ena amati "ndi kandalama kochepa". Kochepa kwa ndani? Ngati mushedi muli anthu 15 ogwira chimodzimodzi, ndi K36,000 pa sabata, ndipo pakatha masabata 8 mwasunga ngongole ya K288,000 imene simukuidziwa. Tsiku limene mmodzi adzapite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, buku lanu lomwelo ndi limene lidzakutsutseni. Koma nthawi zambiri safika n'kumeneko. Amangoleka kubwera Lamlungu, fodya n'kumadikira pamulu, ena n'kumasakaniza magiredi chifukwa mtima uli pa ndalama yawo, inu n'kukadabwa mitengo ku okushoni.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu akuti "timatere kuyambira kale". Kalelo anthu ankalandira chimene bwana wanena. Lero aliyense ali ndi kakyuleta pafoni, ndipo amawerengetsera asanatuluke pageti.

Bambo wina wa ku Kasungu, mlimi wakhama ndithu, anandiyankha monyadira kuti iye zimenezi sizimukhudza chifukwa wikendi yonse amalipira kawiri. Titatsegula buku lake tinapeza kuti anthu ake amagwira masiku 6, kutanthauza kuti Loweruka ndi tsiku lawo lantchito ngati Lachitatu. Pa maola 9 a Loweruka, pa K800 pa ola, iye ankapereka K14,400, pamene lamulo likanakhutira ndi K7,600, ndiye kuti 8 a masiku onse ndi limodzi la 1.5. Anagwira kumutu n'kunena kuti, "Alangizi, ndiye ndakhala ndikugawa m'mera wa chaka chamawa!" Ndinamuuza kuti asathamangire kudula, chifukwa ngati analonjeza kawiri m'kontirakiti, lonjezolo ndi limene ligwire, lamulo limangoika malire apansi. Chofunika kudziwa n'chakuti kawiri samabwera chifukwa cha dzina la tsiku. Amene amapuma Lachitatu, kawiri wake ali Lachitatu. Amene amagwira Lolemba mpaka Lachisanu basi, Loweruka lake ndi lopuma.

Zochita zake si zambiri. M'buku jambulani mizere itatu yosiyana: maola a masiku onse, opitirira, ndi a tsiku lopuma kapena la tchuthi, ndipo pamwamba pa dzina la munthu aliyense lembani tsiku lake lopuma. Lembani tsiku ndi tsiku, osati Loweruka madzulo mochokera m'mutu. Mphindi 30 pakakyuleta ndi 0.5, osati 0.30, apo ayi mudzadyanso ndalama za anthu. Yang'anani kalendala, poti 1 Meyi, 14 Meyi ndi 6 Julaye zimagwa m'nyengo ino yomwe. Wantchito asainire maola ake musanawerengetse, kapena adinde chala.