Momwe mungapezere mawu obisika chafutambuyo kapena mopendekera

Pamasewera ofufuza mawu m'bokosi la zilembo, mawu amene amatsalira kumapeto nthawi zambiri amakhala aja olembedwa chafutambuyo kapena otsetsereka mopendekera kukona. Chifukwa chake n'chakuti maso athu anazolowera kuwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye amangowadumpha. Bokosi la mizere 20 ndi zilembo 20 pamzere uliwonse lili ndi zilembo 400, ndipo kungoliyang'anitsitsa kuti mawuwo atulukire okha n'kutaya nthawi.

Tiyerekeze kuti mukufuna MPHUNZITSI. Yambani mwalemba mawuwo mobwerera m'mphepete mwa pepala: ISTIZNUHPM. Mukatero maso amakhala ndi zithunzi ziwiri zoti azizindikire.

Kenako musathamangire chilembo choyamba. Ambiri amasakasaka M, koma M amapezeka paliponse. Sankhani chilembo chosowa m'bokosimo, apa ndi Z, ndipo yendani mzere ndi mzere mukuika kadontho ka pensulo pa Z aliyense. Chilembo chilichonse chapakati chimazunguliridwa ndi zinzake 8. Pa Z aliyense zungulirani zonsezo mukufuna N. Mukampeza, yang'anani mbali inayo moyang'anizana naye ndendende: payenera kukhala I. Ngati N ali pansi chakumanja kwa Z, I akhale pamwamba chakumanzere. Palibe I? Musiyeni Z ameneyo, pitani kwa wina. Ine njira iyi ndimaikonda chifukwa simufunikanso kulingalira kuti mawu akulowera kuti, N ndi I akuuzani okha.

Kuwerenga malo kumachepetsanso ntchito. Mu MPHUNZITSI, Z ali ndi zilembo 5 mbali imodzi ndi 4 mbali inayo. Tsono Z amene ali pamzere wachitatu kuchokera pamwamba ali ndi timabokosi tiwiri tokha pamutu pake, choncho mawuwo sangamudutse choimirira kapena mopendekera. Muyeseni chogona basi.

Pomwe anthu amasokonezeka kwambiri ndi potsatira mzere wopendekera. Mwapeza N, Z, I, koma pofika pa T diso latsetserekera mumzere woyandikana, n'kuganiza kuti mwalakwitsa pamene mawu alipo ndithu. Ikani rula kapena m'mphepete mwa pepala lina motsatira zilembo zitatu zija, muphimbe zapansi pake. Mukhozanso kupotoza pepala mpaka kona imodzi iloze pachifuwa panu, mzere wopendekera uja ugone ngati mzere wamba. Zilembo zidzaoneka zopindika pang'ono, koma zimawerengeka.

Chenjerani ndi nyambo. Opanga ena amaika dala chidutswa ngati MPHUNZ n'kuchidulira panjira, choncho musazunguze mawu ndi cholembera musanawerenge chilembo ndi chilembo mpaka I womaliza.