Momwe mungatsatirire njira ya Tomasulo pa pepala, saikolo ndi saikolo

Ophunzira za kapangidwe ka kompyuta kuno ku Blantyre, kaya ku MUBAS kapena kwina, amafika pamene mabuku amati purosesa imatha kumaliza lamulo lachinayi lachiwiri lisanayambe n'komwe, koma yankho n'kutulukabe lolondola. Kuloweza zimenezi sikuthandiza pa mayeso. Chimene chimathandiza n'kutenga pepala, kujambula matebulo, n'kuyendetsa malamulo nokha. Njira yomwe titsate ndi ya Robert Tomasulo wa ku IBM, yomwe inasindikizidwa mu 1967 ndipo inagwira ntchito mu IBM System/360 Model 91. Makinawo anali ndi marejisita, timalo tosungiramo manambala mkati mwa purosesa, anayi okha a manambala a mapointi, choncho mapulogalamu ankangobwereza maina omwewo, ndipo kubwerezako n'kumene kunkachedwetsa ntchito.

Nayi pulogalamu yathu. Rejisita yoyamba pa mzere uliwonse ndiyo yolandira yankho.

```
DIV.D F2,  F4,  F6
ADD.D F8,  F2,  F10
SUB.D F10, F4,  F12
MUL.D F8,  F10, F6
```

Tiyambe ndi F4 = 20, F6 = 4, F10 = 2 ndi F12 = 8. Mukawerengera motsata mzere mupeza kuti DIV ipereka 5, ADD 7, SUB 12 ndipo MUL 48. Pamapeto F8 iyenera kukhala 48. Lembani zimenezi pambali, ndizo zoyezera ntchito yanu.

Choyamba, siyanitsani kudikira kwenikweni ndi kwa dzina chabe

ADD singayambe popanda yankho la DIV, ndipo MUL singayambe popanda la SUB. Uku ndi kudalirana kwa RAW, ndipo palibe nzeru imene ingakuchotse chifukwa nambalayo sinabadwe. Koma taonani F10: ADD imaiwerenga, SUB imailemba. SUB ikafulumira, ADD ingawerenge 12 m'malo mwa 2 n'kutulutsa 17. Imeneyi ndi WAR. Taonaninso F8, yomwe ADD ndi MUL onse amalembamo. ADD ikamaliza mochedwa, ingafufute 48 n'kusiya 7. Imeneyi ndi WAW. Ziwiri zomalizazi zikungolimbirana dzina, palibe nambala imene ikuchoka kwa wina kupita kwa mnzake. Ndizo zimene kusintha maina a marejisita kumathetsa.

Chachiwiri, jambulani matebulo ndipo nenani malamulo a nthawi

Tebulo loyamba ndi la malo odikirirapo, aja m'kalasi timati rizaveshoni siteshoni. Lembani Add1, Add2, Add3, Mult1 ndi Mult2, monga zinalili mu Model 91. Siteshoni iliyonse ikhale ndi Vj ndi Vk zosungamo nambala imene ilipo kale, komanso Qj ndi Qk zolembamo dzina la siteshoni imene idzabweretse nambala yosowayo. Dzina limeneli ndi tagi. Lili ngati kakhadi kamene amakupatsani mukasiya chikwama pakhomo la sitolo ku Limbe: katundu simunanyamule, koma muli ndi nambala yodzamutengera. Tebulo lachiwiri ndi la marejisita, ndipo iliyonse ili ndi Qi yonena siteshoni imene idzailembe.

Pa chitsanzo chino tigwirizane kuti lamulo limodzi limalowa pa saikolo iliyonse, komwe ndi kugunda kumodzi kwa wotchi ya purosesa, ADD ndi SUB zimatenga masaikolo 2, MUL 4, DIV 10, ndipo chochulukitsa ndi chogawa zimagwira ntchito padera. Lamulo limayamba pa saikolo yotsatira likapeza zonse, ndipo limalengeza yankho pa saikolo yotsatira likamaliza. Mabuku amasiyana pa mfundo zimenezi, choncho muzizilemba pamwamba pa yankho lanu kuti wochonga adziwe zomwe mwatsata.

Chachitatu, lowetsani malamulo motsata mzere

Apa ndi pamene muyenera kufatsa, chifukwa ntchito yonse yosintha maina imachitikira pano. Pa saikolo 1, DIV ikulowa mu Mult1. F4 ndi F6 zilibe tagi, motero mukukopera 20 ndi 4 mu Vj ndi Vk, kenako mukulemba Mult1 pa Qi ya F2.

Pa saikolo 2, ADD ikulowa mu Add1. F2 ili ndi tagi, ndiye Qj ikhala Mult1. F10 ilibe tagi, ndiye mukopere 2 mu Vk nthawi yomweyo. Kukopera kumeneku n'kumene kwapha WAR: kuyambira pano ADD ilibenso ntchito ndi F10, SUB ilembemo nthawi imene ikufuna. Qi ya F8 ikhala Add1.

Pa saikolo 3, SUB ikulowa mu Add2 ndi 20 ndi 8, ndipo Qi ya F10 ikhala Add2. Pa saikolo 4, MUL ikulowa mu Mult2. Ikufuna F10, koma F10 tsopano ikuloza ku Add2, ndiye Qj ikhala Add2 ndipo Vk ikhala 4. Kenako fufutani Add1 pa Qi ya F8 n'kulembapo Mult2. Ambiri amaopa kufufuta apa poganiza kuti yankho la ADD lisochera. Silisochera. Lamulo lililonse lolifuna likanalowa pakati pa ADD ndi MUL, ndipo likanatenga kale tagi ya Add1.

Muziwerenga marejisita olowetsa musanalembe tagi ya rejisita yolandira. Mukatembenuza, lamulo ngati `ADD.D F2, F2, F4` lidzadzidikira lokha mpaka kalekale.

Chachinayi, tsatani zolengezedwa pa CDB

CDB ndi mawaya amene amanyamula yankho pamodzi ndi tagi yake kupita ku masiteshoni ndi marejisita onse nthawi imodzi. Amene akusunga tagi yofanana amatenga. SUB ikugwira pa 4 ndi 5, ndipo pa 6 ikulengeza 12 ndi tagi Add2. Mult2 ndi F10 zonse zikutenga. MUL ikugwira kuyambira 7 mpaka 10, ikulengeza 48 pa 11, ndipo F8 ikulandira. DIV, yomwe inayamba pa 2, ikumaliza pa 11 n'kulengeza 5 pa 12. ADD ikugwira pa 13 ndi 14.

Pa saikolo 15, ADD ikulengeza 7 ndi tagi Add1, koma palibe amene akutenga, chifukwa F8 inasiya kalekale kudikira Add1. F8 ikhalabe 48 ndipo WAW yatha popanda aliyense kuimitsidwa. Mukapeza 7 mu F8, ndiye kuti mwalemba potsata dzina la rejisita m'malo mwa tagi. Mukapeza 17 kwinakwake, simunakopere 2 pa saikolo 2.

Pomwe njirayi imathera

CDB imodzi imanyamula yankho limodzi pa saikolo. MUL ikanatenga masaikolo 5, ikanawombana ndi DIV pa 12 ndipo imodzi ikanadikira. Komanso masiteshoni a mtundu wofunika akadzaza, kulowetsa kumaima ndipo malamulo onse a m'mbuyo amaima nawo, ngakhale osadalira chilichonse.

Vuto lalikulu koposa n'lakuti marejisita akusintha mosatsata mzere. Tiyerekeze kuti DIV yapeza cholakwika pomaliza: F10 yasintha kale chifukwa cha lamulo limene siliyenera kuti lachitika. N'chimodzimodzi purosesa ikalosera molakwa kumene pulogalamu ikhotere. Ndiye chifukwa chake mapurosesa a pambuyo pake, monga Pentium Pro ya mu 1995, anawonjezera ROB, mzere umene umasunga mayankho mpaka lamulo lifike kutsogolo. Yeserani kuwonjezera danga limeneli pa tebulo lanu, lamulo limodzi lokha likutsimikizidwa pa saikolo, motsata mzere, ndipo palibe lotsimikizidwa isanafike saikolo yotsatira kulengeza kwake: DIV pa 13, ADD pa 16, SUB pa 17, MUL pa 18. SUB inali ndi yankho pa 6, koma idikira mpaka 17 kuti F10 isinthedi.